Pa eFiling ya ku Joni panalemba successfully koma ngongole ikadalipo

Funso: Ndinagwira ntchito ku Joni mpaka Febuluwale 2025, pano ndinabwerako ndili ku Bangwe. Chaka chomalizacho ndinali ndi ntchito ziwiri, ina ya R15,000 pa mwezi, ina ya R7,500. Ndinatumiza fomu ya msonkho ya ITR12 pa eFiling, webusaiti ya SARS, bungwe la misonkho la ku Joni, ndiye panatuluka kalata ya zotsatira ya ITA34 yolemba R18,832. Mnzanga wina akuti ndi ndalama zoti andibwezere, wina akuti ndi ngongole. Ndinadina polipira, sikirini inalemba successfully, koma mu akaunti yanga ya ku Joni ndalama sizinachoke ndipo meseji yoti ndili ndi ngongole ikubwerabe. Ndalipira kapena sindinalipire?

Achimwene, simunalipire. Ndalama ngati sizinachoke mu akaunti ndiye kuti SARS sinalandire kanthu, kaya sikirini inalemba zokoma bwanji. Koma musathamangire kukadinanso batani lija kaye, chifukwa anthu ambiri amene ndimawathandiza za misonkho kuno ku Blantyre amapsa pomwepo, amadina kawiri katatu kenako tsiku lina nkupezeka alipira kawiri, ndalama zoti zibwerere nkutenga nthawi.

Tiyambe ndi ya anzanu awiri aja, wa ngongoleyo ndi amene akunena zoona. Pa ITA34 mukaona nambala ili ndi kachizindikiro kochotsera kutsogolo, monga -18832, ndiye kuti SARS ndi imene ili ndi ngongole kwa inu, akubwezerani. Ikakhala yopanda kachizindikiroko ndi inuyo amene mukuyenera kulipira. Zimasokoneza chifukwa mu akaunti ya kubanki kachizindikiro komweko timakaopa, koma kwa SARS ndi kamene munthu amafuna akaone. Yanuyo ndikutha kukuuzani ndisanaione nkomwe kuti ilibe, chifukwa masamu ake akugwirizana ndendende ndi malipiro mwatchulawo, bola ngati panalibe penshoni kapena zachipatala zoti achotsere ndipo simunafike zaka 65.

Onani. Chaka cha msonkho cha munthu ku South Africa chimayamba pa 1 Malichi nkutha kumapeto kwa Febuluwale, si ngati chaka cha boma chathu kuno choyamba pa 1 Epulo. Ndiye chimene pa sikirini akulemba kuti 2025 ndi kuyambira 1 Malichi 2024 mpaka 28 Febuluwale 2025. M'chaka chimenecho ntchito yoyamba inakupatsani R180,000, yachiwiri R90,000. Abwana a ntchito yoyamba anawerengera ngati kuti mumagwira kwa iwo okha: 18 peresenti ya R180,000 ndi R32,400, nkuchotsapo R17,235 imene SARS inkakhululukira munthu aliyense chaka chimenecho, kutsala R15,165, imeneyo ndi PAYE imene ankakudulani pang'onopang'ono chaka chonse. Abwana achiwiri anaona kuti R90,000 siinafike pa R95,750, pamene msonkho unkayambira chaka chimenecho, ndiye sanadule kalikonse, ndipo sanalakwe ayi, lamulo limawauza choncho. Koma SARS ikamawerengera ITR12 imaphatikiza ma IRP5 onse awiri, mapepala a malipiro ndi msonkho ochokera kwa abwana aja, zikwana R270,000. Pa ndalama imeneyo msonkho wake chaka chimenecho unali R42,678 pa R237,100 yoyamba, kenako 26 peresenti pa R32,900 yotsalayo, imene ndi R8,554. Zonse R51,232, kuchotsa R17,235 ija kamodzi kokha, kutsala R33,997. Inu munadulidwa R15,165 basi. Chotsani muone, R18,832. Ndiye ngongoleyo ndi yeniyeni, si kompyuta yasokonekera, ndipo kukadandaula kuti awerengerenso sikungaphule kanthu pokhapokha ngati pali IRP5 imene ili ndi manambala olakwika.

Tsopano za successfully uja. Kulipira kwa pa eFiling kumayenda mbali ziwiri, kumeneko amati credit push. Mukadina polipira, eFiling siitenga ndalama mu akaunti yanu, ilibe mphamvu imeneyo pa njira imeneyi. Chimene imachita ndi kutumiza pempho ku banki yanu kuti munthu uyu akufuna kulipira ndalama zakuti pa nambala yakuti. Tsamba limene linatuluka lija likunena za pempholo, kuti lafika bwinobwino ku banki, ndipo mukaliwerenga mpaka pansi mupeza kuti likukuuzani kuti mulowe ku banki yanu mukavomereze. Anthu sitiwerenga mpaka pansi, tikangoona successfully timajambula sikirinishoti nkutseka foni. Zili ngati pogula zinthu ndi Mpamba kapena Airtel Money pa shopu, wogulitsa atha kutumiza pempho ku foni yanu, koma ngati simunalowetse pini ndalama sizichoka ndipo katundu sakupatsani.

Kuti mutsimikize, lowani pa eFiling, pamwamba dinani Returns, kenako kumanzere pezani Payments. Mmenemo muli mbiri ya zolipira zanu, Payment History, komanso zimene zikudikira. Ndikukhulupirira kuti yanuyo muipeza italembedwa Awaiting Authorisation, kutanthauza kuti ikudikira inuyo muvomereze ku banki. Yolipiridwa zenizeni imasintha, siikhalanso pa Awaiting Authorisation. Mukapeza mizere iwiri kapena itatu ya R18,832 yonse ikudikira, ndiye kuti munadina kangapo, muvomereze umodzi wokha, inayo muikane kumbali ya banki kapena muisiye.

Kenako tsegulani apu ya banki yanu ya ku Joni kapena mulowe pa intaneti ya bankiyo. Banki iliyonse inaika malo ake, ena pansi pa zolipira pali polembedwa eFiling kapena SARS, ena zimabwera pa malo ovomerezera zinthu zodikira. Muyang'ane zinthu zitatu musanavomereze: ndalama zikhale zofanana ndi zimene mukufuna kulipira, nambala yolipirira, imene amati PRN, ikhale yomwe ili pa pepala lanu la SARS, ndipo mulingo wa ndalama zimene mumaloledwa kutumiza pa tsiku ukhale wokwanira. Chachitatuchi chimagwetsa anthu ambiri, munthu anaika malire a R5,000 pa tsiku kalekale poopa akuba nkuiwala, ndiye R18,832 ikukanika kudutsa iye nkumati SARS ikuvuta. Kwezani malirewo kaye, mukamaliza muwabwezere. Mukapeza kuti ku banki kulibe pempho lililonse, mwina linakhalitsa nkufufutika kapena akaunti imene munailembetsa pa eFiling yolipirira si imene mukuyang'anayo. Apa dziwani kuti akaunti imene SARS imaponyamo ndalama zobweza ndi akaunti yolipirira pa eFiling zimalembetsedwa malo osiyana, kukhala ndi imodzi sikutanthauza kuti inayo ilipo.

Vuto limene limakhala lalikulu kwa anthu amene anabwerako ndi simu kadi. Banki ikufuna kutumiza nambala yachinsinsi ya kamodzi ija, OTP, ku nambala ya ku Joni, koma simuyo inafa kalekale chifukwa munasiya kuigwiritsa ntchito mutangodutsa pa Mwanza. Ngati ikadali yamoyo isungeni ngati dzira, muziithira ka eyataimu nthawi ndi nthawi ndipo muonetsetse kuti ikulandira ma meseji kuno. Ku eFiling nako ndi chimodzimodzi, OTP imapita ku nambala kapena imelo imene munaika pa mbiri yanu. Pamene mukutha kulowa panopa, pitani pa My Profile muone kuti imelo imene ilipoyo ndi yanu yeniyeni ndipo pasiwedi yake mukuidziwa. Ndikunena izi chifukwa ambiri anatsegulitsa eFiling pa kafe ku Joni, mnyamata wa pa kafeyo nkuikapo imelo yake, lero mwini wake ali ku Ndirande sakutha kulowa mu akaunti yake yomwe. Zimandiwawa kwambiri zimenezi chifukwa kukonza kwake uli kunja kwa dziko ndi ntchito yotopetsa.

Njira ya eFiling ikakanika si mapeto. Pali njira ina imene ine ndimaikonda kwa anthu amene ali kuno, kulipira mwachindunji kuchokera pa apu ya banki. Banki za ku South Africa zili ndi mndandanda wa mabungwe olembetsedwa kale oti uwalipire osalemba nambala ya akaunti, mukasaka SARS mupeza mayina angapo. Ya msonkho wa munthu umene wawerengedwa kale pa ITA34 ndi SARS-ITA. Musasankhe SARS-PROV, imeneyo ndi ya msonkho wolipiriratu wa anthu a bizinesi ndi ena opeza ndalama zosadutsa kwa abwana, SARS-PAYE ndi ya olemba anthu ntchito, SARS-VAT mukuidziwa kale. Pa malo a reference mulembe PRN, osati dzina lanu, osati nambala ya pasipoti, osati "msonkho wa 2025".

PRN ndi imene imauza kompyuta ya SARS kuti ndalama izi ndi za ndani ndipo zikutseka chani. Amene munalipirapo ku MRA kudzera ku banki mukudziwa kale kuti popanda nambala yotere ndalama zimasowa mwini. Ya SARS imakhala ndi malo 19, koyambirira kwake kuli nambala yanu ya msonkho ya manambala 10 ija, ndipo imalembedwa pa ITA34 komanso pa sitetimenti ya akaunti. Ikopereni kuchokera pa pepalalo, musailembe pamtima, mukatha muwerenge ndi chala kuti zakwana 19. Ubwino wake, chifukwa choti ndalama zimatsata PRN osati dzina la wotumiza, m'bale wanu amene ali ku Joni atha kukulipirirani kuchokera mu akaunti yake inu nkumubwezera mwa njira ina. Mukatero mumuuze akutumizireni risiti yeniyeni ya banki, ya PDF ija yoonetsa tsiku, ndalama ndi reference, osati sikirinishoti ya theka yongoonetsa kachizindikiro kobiriwira. Ndipo akhale munthu amene mumamudziwa mtima, ndalama imeneyi si yochepa.

Chinthu chimodzi chokha, musachite zonse ziwiri. Mukalipira ndi SARS-ITA, pempho lija la Awaiting Authorisation musalivomerezenso. Likhoza kumaonekabe pa eFiling kuti likudikira, musade nkhawa, chifukwa malipiro a pa apu ya banki sadutsa pa tsamba limenelo, ndiye Payment History siiwaonetsa. Apa ndi pamene ena amalipira kachiwiri poganiza kuti zoyamba zija sizinafike.

Kulipira kuchokera ku banki ya kuno nako kumatheka, kudzera pa SWIFT, ndiyo njira imene SARS inaika kwa olipira ali kunja opanda akaunti ya ku South Africa. Koma mmene foreksi ikusowera muno ine ndingaiike kumapeto. Banki ikufunsani mapepala oonetsa chifukwa chotumizira ndalama kunja, ndiye mutenge ITA34 ndi sitetimenti zosindikiza, ndipo mutha kudikira ndithu kuti akupezereni ma randi. Zolemba pa fomu ya SWIFT muzitenge pa sars.gov.za pokha, mutaipe nokha adiresiyo. Pa fomupo pali pofunsa kuti chaji ya kutumiza alipira ndani, OUR, SHA kapena BEN. Sankhani OUR, kuti chaji yonse ikhale yanu pambali. Mukasankha zinazo mabanki a panjira amadula kuchokera pa ndalama yomweyo, R18,832 nkufika itaperewera pang'ono, kangongole kakang'ono nkutsala kakubala chiwongola dzanja inu mukuganiza kuti munamaliza. Ndipo muwauze a ku kauntala kuti PRN ilembedwe yonse pa malo a uthenga wa malipiro, muione ndi maso anu pa kope imene akupatseni.

Nanga mudziwa bwanji kuti zathekadi? Apa ndi pamene ndikufuna mugwire kwambiri, chifukwa pa masamba onse a eFiling pali limodzi lokha limene limanena mmene SARS ikukuonerani pa nkhani ya ndalama, ndilo Statement of Account, ena amati ITSA. ITA34 siisintha mukalipira, izikhalabe ikunena R18,832 mpaka kalekale chifukwa ntchito yake ndi kunena zotsatira za chaka chimodzi basi. Meseji ya pa foni nayo itha kubwera mochedwa, inakonzedwa kale inu musanalipire. Koma sitetimenti imaonetsa zaka zonse, mzere ndi mzere, msonkho umene anawerengera, chiwongola dzanja, ndalama zimene analandira, ndipo pansi pake balansi. Mumaipempha pa Income Tax Work Page ya chaka chilichonse kapena kumanzere pansi pa SARS Correspondence pamene pali Request Historic IT Notices, nkusankha masiku. Samalani, imene munatsitsa mwezi watha ikadali pa mndandanda, mukaitsegula yomweyo ikuonetsani zakale. Pemphani yatsopano ndipo muone deti imene yalembedwa pamwamba.

Mukalipira lero dikirani masiku angapo a ntchito, kenako pemphani sitetimenti. Imene mukufuna kuona ikhale ndi mzere wa msonkho wa 2025 wa 18,832, pansi pake mzere wa Payment wa ndalama yomweyo uli ndi kachizindikiro kochotsera, balansi 0.00. Ikatero mwamaliza, isungeni pa imelo ndi pa pepala pamodzi ndi risiti ya banki, malamulo awo amafuna muzisunga mapepala a msonkho zaka zisanu.

Koma ndikukuuziranitu, pemphani sitetimentiyo musanalipire, chifukwa nkutheka kuti ngongole yanu lero si R18,832 yokha. Pa ITA34 pali tsiku lomaliza kulipira, ngati linadutsa ndiye chiwongola dzanja chinayamba kale kuwerengedwa. Komanso ngati panali kangongole ka chaka cham'mbuyo, ndalama zimene mwatumiza zimayamba zatseka zakalezo. Tiyerekeze panali R600 ya 2023 imene simunaidziwe. Mwalipira R18,832 ndendende, SARS yatenga R600 kutsekera yakaleyo, ya 2025 yatsala ndi R600, meseji ikubwerabe, inu nkumati akundibera. Sanakubereni, mungolipira nambala imene ili pansi pa sitetimenti yatsopano, osati ya pa ITA34.

Palinso akaunti ina yapadera imene anthu ambiri saidziwa, ya chindapusa cha kusatumiza ITR12 pa nthawi yake. Chindapusa chimenechi chimayambira R250 pa mwezi mpaka R16,000 pa mwezi malinga ndi mapezedwe a munthu, ndipo chimabwerezedwa mwezi uliwonse pamene fomuyo sinatumizidwe, mpaka miyezi 35. Kalata yake ndi AP34, ili ndi PRN yake yosiyana, ndipo sitetimenti yake mumaipempha payokha pansi pa SARS Correspondence pomwepo. Ndiye nkutheka sitetimenti ya msonkho kunena 0.00 koma meseji ya ngongole ikubwerabe chifukwa cha chindapusa. Inuyo munagwira ntchito kumeneko zaka zingapo, ndiye yang'anani zaka zonse, osangoti 2025.

Poyang'ana zakazo mukumana ndi mawu ena a pa sikirini amene amapusitsa mofanana ndi successfully uja. Pansi pa Returns pali Returns Issued ndi Returns History. Fomu imene ili pa Returns Issued sinapite ku SARS. Ikalembedwa Issued ndiye kuti munangoitulutsa, ikalembedwa Saved ndiye kuti munalemba zinthu nkusunga, koma ikadali m'manja mwanu. Batani losunga ndi batani lotumiza ali moyandikana, ndipo pali lina lowerengera limene limakuonetsa nambala yofanana kwambiri ndi ya pa ITA34, ndiye munthu akaona nambalayo amati basi zapita. Sizinapite, kumeneko nkungoyerekeza chabe. Yotumizidwa imasamukira ku Returns History, imalembedwa kuti Filed, ndipo pansi pake pamabwera ITA34. Chaka chimene chilibe ITA34 muchikayikire. Ya 2025 yanuyo inapita, poti ITA34 muli nayo. Kwa anthu a malipiro a pamwezi tsiku lomaliza la chaka chimenecho linali 20 Okutobala 2025, ndiye ngati munatumiza litadutsa, sitetimenti ya chindapusa ija muione ndithu.

Chinanso ndi kalata yoti akufuna kuona mapepala anu, amati verification. Siibwera kwa aliyense, koma ikabwera mumaipeza pa Search Correspondence ndipo pa Income Tax Work Page pamatuluka malo a Supporting Documents. Amakupatsani masiku 21 a ntchito kuti mutumize, kuwerengera pa deti ya kalatayo, osati tsiku limene inu mwaiona. Fayilo iliyonse isapitirire 5MB ndipo isakhale yotsekedwa ndi pasiwedi, ma sitetimenti a banki ambiri amabwera otseka ndiye amakanidwa. Msampha wake ndi womwe uja, mukakweza mafayilo amaoneka pa mndandanda bwinobwino koma sanapite mpaka mudine Submit to SARS. Ndipo musadine musanakweze onse, chifukwa mukangotumiza malo okwezera aja amatsekeka. Ndi netiweki yathuyi, chitani zimenezi pa laputopu nthawi imene magetsi alipo ndipo bandulo ndi yokwanira, osati pa foni muli mu minibasi ya ku Limbe. Akalandira zonse nawonso amadzipatsa masiku 21 a ntchito kuti amalize, mapeto ake ndi kalata yoti atha kapena ITA34 ina yosintha manambala. Yachiwiriyo ikabwera muwerenge mosamala, nambala yake nthawi zambiri imakhala yongowonjezera kapena kuchepetsa pa yoyamba ija, ndiye musaziphatikize nokha pamutu, pemphaninso sitetimenti ikuuzeni zonse pamodzi.

Mukapeza kuti IRP5 ina ili ndi manambala osagwirizana ndi ma peyisilipi anu, mwachitsanzo ankakudulani PAYE koma pa IRP5 sizikuoneka, amene angakonze ndi abwana aja, iwo ndi amene amatumiza manambala ku SARS, inu pa fomu simungawasinthe. Akakonza ndiye mumagwiritsa ntchito Request Correction. Kutsutsa zimene SARS yawerengera kulinso ndi njira yake pa eFiling, muli ndi masiku 80 a ntchito kuchokera pa deti ya ITA34. Kungoti kudandaula sikuimitsa ngongole, kumeneko lamulo ndi loti lipira kaye uzidandaula pambuyo, pokhapokha mutapempha padera kuti ayimitse kaye kutolera ndipo avomere.

Ngati ndalama yonse mulibe, ndipo ndikudziwa kuti R18,832 kwa munthu amene wangobwerako kumene ndi phiri, musangokhala chete. Pa eFiling pali popempha kulipira pang'onopang'ono, Payment Arrangement, mumanena kuti mutha zingati pa mwezi, chiwongola dzanja chimapitirirabe koma simukhala ngati wothawa. Ena amati ndili ku Malawi andipeza bwanji. Kukupezani inuyo mwina ayi, koma akaunti yanu ya ku Joni akuidziwa. Lamulo lawo la Tax Administration Act la 2011 limawalola kulamula banki, abwana, kapena aliyense amene akusunga ndalama zanu kuti azipereke kwa iwo. Amayamba atumiza kalata yomaliza yokumbutsa, pakadutsa masiku 10 a ntchito atha kutero, ndiye mungodzuka tsiku lina akaunti ili gwa. Ngati muli ndi penshoni kumeneko imene mudzafune kutenga, ngongoleyo adzaichotsa pomwepo musanalandire. Ndipo mukadzafuna kubwerera kukagwira ntchito, nambala ya msonkho ndi yomweyo, idzakudikirani.

Za meseji imene ikubwerayo, ioneni bwino. SARS imatumizadi ma meseji ndi ma imelo, koma akuba nawo amatumiza ofanana nawo kwambiri, makamaka nyengo yotumiza mafomu. Ya SARS yeniyeni siikupatsani nambala ya akaunti ya banki yoti muponyemo ndalama, siikufunsani pasiwedi kapena OTP. Iliyonse yokhala ndi linki yoti dinani apa mulipire msanga, musadine. Lowani pa eFiling nokha, ngati kalatayo ndi yoona muipeza pa Search Correspondence ili ndi nambala ya nkhani yake. Ngati kulibe, ndi yabodza.

Zikachitika kuti ndalama zachoka ku banki, padutsa sabata koma sitetimenti yatsopano siikuonetsa Payment, yambani ndi risiti ya banki, muone dzina limene munasankha ndi reference. Kawirikawiri pamapezeka kuti zinapita ku SARS-PROV kapena munagwiritsa ntchito PRN ya chindapusa polipira msonkho. Ndalama sizinatayike, zakhala pa malo olakwika, ndipo SARS imazisamutsa mukapempha ndi umboni. Pa sars.gov.za pali SARS Online Query System pamene mungatumize pempho lotero pamodzi ndi risitiyo, kapena mubuke nthawi yoti akuimbireni kapena mulankhulane pa vidiyo. Nambala yaulere ija ya 0800 00 7277 ndi ya amene ali mkati mwa South Africa, kuchokera kuno imbani +27 11 602 2093, muli ndi nambala ya msonkho, pasipoti ndi risiti pafupi, eyataimu ikhale yambiri chifukwa pamzere pamakhala anthu, ndipo musadule foni asanakupatseni nambala ya nkhani yanu.

Pomaliza pake, ngongoleyi ikatha ndipo ngati mwabwerera kuno kwathunthu, muwadziwitse a SARS kuti simukukhalanso kumeneko, zimachitikira pa fomu ya RAV01 pa eFiling pomwepo ndipo adzakufunsani umboni monga masitampu a mu pasipoti. Koma imeneyo ndi nkhani ina yokhala ndi malamulo ake. Za lero, pemphani masitetimenti awiri aja, ya msonkho ndi ya chindapusa, muone balansi ya lero, kenako musankhe njira imodzi yolipirira, kuvomereza pempho limene likudikira ku banki ngati ndalama yake ikufanana ndi balansiyo, kapena SARS-ITA ndi PRN ngati yasintha.